Ma USDT anga atuluka usiku, foni ndili nayo kumutu

Najere (Lizulu): Abale anga, ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Achimwene anga ali ku Joni amanditumizira mpamba wa geni ya kachewere kudzera pa USDT, ndalama ya kiripito ija yoyendera mtengo wa dola ya ku America. Mwezi wathawu anatumiza 20 yoyesera, inafika bwinobwino, yakhala m'waleti osasuntha. Dzulo madzulo atumiza 400 yoti ndikapikulire matumba ku Tsangano. Ndinaiona ndi maso angawa ikulowa, zonse pamodzi 420. Mmawa uno ndikutsegula, mulibe kanthu. Foni ndinagona nayo kumutu, ili ndi pini, palibe anaigwira. Linki sindinadine ina iliyonse. Zatheka bwanji zimenezi?

aMbewe (Bembeke): Pepani kwambiri mayi. Musachedwe, thamangani kwa ejenti amene mumatapako ndalama, kapena imbani kulikulu kwawo muwauze kuti aibweze. Mlamu wanga anatumizapo ndalama pa nambala yolakwika, anaimba tsiku lomwelo, patapita masiku ndalama inabwera.

Nabanda (Mlangeni, ndili ku Lilongwe): A Mbewe, zimenezo zimatheka pa ndalama za pafoni zathu zija chifukwa pali kampani imene imasunga ndalamazo, ndipo ili ndi mphamvu yoziimitsa. Waleti ya kiripito yotere ilibe ejenti, ilibe likulu loimbako. Ndalama ikatuluka n'kutsimikizika pa netiweki, ngakhale amene anapanga apuyo sangaibweze. A Najere, pepani ndithu. Ndikufunsani mafunso angapo, muyankhe pompano pagulu, musanditumizire kanthu kumbali. Choyamba: apu imeneyi inalowa bwanji m'foni mwanu?

Najere: Anandiikira mnyamata wina wa pamsika, amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Ndinalibe bandulo yokwanira, ndiye anati ali nayo kale m'foni mwake, angonditumizira popanda kudya bandulo. Dzina lake ndi lomwe lija achimwene anandiuza, chizindikiro chakenso chomwecho.

Nabanda: Nanga mawu 12 aja a Chingerezi amene amatuluka poyambirira, anawaona ndani? Musawalembe pano, ndingofuna kudziwa kuti anadutsa m'maso mwa yani.

Najere: Foni inali m'manja mwa mnyamatayo nthawi imeneyo. Anati ndiwajambule kuti ndisawaiwale, ndiye anajambula sikirini, chithunzicho chili m'foni mpaka pano. Ine ndimayesa kuti chofunika ndi pini ija ndinaika ndekha. Iyo sindinauze munthu.

Nabanda: Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri pagulu pano amaganiza ngati mmene mumaganizira inumo. Ndalama zija sizinali m'foni mwanu. Zimakhala pa netiweki, pa kaundula amene aliyense angamuone. Apu ija imangokuonetsani zimene zili pa adiresi yanu, ndi kusainira mukafuna kutumiza. Chimene chimapereka mphamvu yosainayo ndi mawu 12 aja. Munthu akakhala nawo, amangotenga foni yake, kaya ali ku Biriwiri kaya kutsidya kwa nyanja, n'kuika waleti iliyonse yeniyeni, n'kulemba mawuwo mwa ndondomeko yake, basi waleti yanu yatseguka kwa iye. Pini yanu samufunsa n'komwe, chifukwa pini imangotseka apu ya m'foni yanuyo. Zili ngati mwakhoma loko pachitseko cha golosale koma wina anadulitsa kale kiyi wa khomo lakuseri. Choncho kugona ndi foni kumutu sikukanathandiza.

Achimwene a mafoni (Dedza boma): Ine ndimakonza mafoni, ndiye ndinenepo. Tisathamangire kumunena mnyamatayo kuti ndi wakuba. Anyamata ambiri amangosunga mafayilo a mapulogalamu amene anawatenga kwa anzawo kapena pa magulu, iwowo sadziwa chimene chili mkati. Vuto ndi lotenga apu ya ndalama kwa munthu. Mukatenga pa Play Store mulibe vuto lililonse, kumeneko amaziyeza zonse.

Nabanda: Mbali yoyambayo ndagwirizana nanu achimwene, n'zotheka ndithu kuti mnyamatayo sakudziwa. Yachiwiriyo tibwererako, si yoona yonse. Koma tiyambe taona chimene chinachitika, m'malo mongoganizira. A Najere, achimwene anu amatumiza pa netiweki iti? Adiresi yanu ikuyamba ndi chilembo chanji?

Najere: Ikuyamba ndi T wamkulu. Pambali pa USDT palembedwa TRC20.

Nabanda: Ndiye ndi ya TRON. Koperani adiresiyo, tsegulani tronscan.org pa bulawuza, muyilembe nokha adiresi ya tsambalo, musaifufuze. Pamwamba pali bokosi lofufuzira, matani adiresi yanu mmenemo. Musadine paliponse pamene palembedwa Connect Wallet, sitikufuna kulumikiza kanthu, tikungowerenga. Kenako pitani pa Transactions ndi pa Transfers, mutiuze mizere ya dzulo ndi lero mmene yatsatanirana.

Najere: Ndachedwa, netiweki kuno ikuvuta. Mwana wanga wandithandiza. Pali mizere itatu. Woyamba ndi 400 USDT kulowa, ndiyo ya achimwene ija. Wachiwiri patangopita mphindi zochepa, palowa 30 TRX kuchokera ku adiresi imene sindikuidziwa. Wachitatu nthawi yomweyomweyo, 420 USDT kutuluka. TRX imeneyi ine sindikuidziwa, sindinagulepo.

Nabanda: Dinani mzere wachitatuwo. Muona pamene palembedwa Owner Address. Adiresi ili pamenepo ndi yanu kapena ya wina? Ndipo muone ngati penapake palembedwa `transfer` kapena `transferFrom`.

Najere: Ndi yanga yomwe. Palembedwa `transfer`.

Nabanda: Ndiye zaoneka. Wakubayo ali ndi kiyi wa waleti yanu, anasaina ngati inuyo. TRX ija ndiyo umboni waukulu. Pa TRON, kuti utumize USDT pamafunika TRX, ndalama ya netiwekiyo, yolipirira ulendowo. Inu munalibe olo imodzi, kutanthauza kuti ngakhale inuyo mukanafuna kutumiza ndalamayo dzulo zikanakanika. Wakubayo anaona zimenezo, anaponya TRX yake m'waleti mwanu kuti ilipire, n'kusesa zonse. Munthu sangachite zimenezo pokhapokha atakhala ndi mawu anu aja. Ndipo liwiro limenelo si la munthu wokhala maso usiku kudikira. Amaika makina oyang'anira ma adiresi onse amene ali ndi makiyi ake, ndalama ikangokwana mlingo umene akufuna, makinawo amatulutsa okha.

Achimwene a ku Joni: Moni nonse, ine ndine mlongo wake wa Najere, andilowetsa kumene. Chikundisokoneza n'chakuti ine ndinayesa kaye ndi 20, monga mmene amatilangizira. Inakhala mwezi wathunthu osabedwa. Ngati anali ndi kiyi kuyambira kale, bwanji sanatenge imeneyo?

Nabanda: Takulandirani achimwene. Chifukwa akudziwa kuti anthu amayesa kaye ndi yochepa. Akanatenga 20 ija, 400 simukanatumiza. Kuyesa ndi yochepa kumangokuuzani kuti adiresi ndi netiweki mwalemba molondola. Sikukuuzani ngati pali wina amene ali ndi kiyi.

Aphunzitsi (Linthipe): Ine ndakhala ndikunena pagulu pano kuti zinthu izi n'zachinyengo zonse. Banki yaikulu ya dziko lino inachenjeza kale kuti kiripito si ndalama yovomerezeka ku Malawi. Ndalama yosagwirika m'manja, yopanda ofesi yokadandaulako, munthu ungaike mpamba wako pamenepo?

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, mwaulemu, ife kuno timaona mmene ndalama imathera panjira tikamatumiza mwa njira zina. Sitinalowe izi chifukwa cha masewera. Koma lero sinditsutsana nanu kwambiri, mtima ukuwawa.

Nabanda: Aphunzitsi akunena zoona pa mfundo yoti palibe amene angakutetezeni zikavuta, ndipo aliyense wolowa izi adziwe zimenezo asanalowe. Koma anthu akugwiritsa kale ntchito, ndiye bola adziwe pamene pali dzenje. A Najere, tsopano funso n'lakuti mawu aja anatuluka kudzera khomo liti. Ine ndikuona makomo atatu.

Loyamba ndi apu yeniyeniyo. Akuba amatenga waleti yodziwika, n'kupanga ina yofanana nayo maonekedwe onse. Imagwira ntchito ndithu, imalandira ndalama, imaonetsa zotsala. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu 12 akangotuluka pa sikirini, apuyo imawatumiza mwakachetechete kwa eni ake. Ina sipanga n'komwe mawu atsopano, imakupatsani amene akubawo anakonzeratu. Khomo lachiwiri ndi maso a munthu amene anagwira foni: kujambula ndi foni yake ina kumatenga kamphindi. Lachitatu ndi chithunzi chija chili m'foni. Kumayambiriro kwa 2025 a Kaspersky, kampani ya chitetezo cha makompyuta, anaulula za mapulogalamu ena ooneka wamba, amene ukawalola kuona zithunzi zako amasanthula chimodzichimodzi kufunafuna mawu a waleti. Ndipo ena mwa iwo anapezeka pa Play Store ndi pa App Store pomwe.

Achimwene a mafoni: Loyambalo tingaliyese pompano. Mayi, tsegulani Play Store, fufuzani dzina la waletiyo. Ngati apu imene ili m'foni mwanu ndi yeniyeni, batani lake likhala Open kapena Update. Likakhala Install, ndiye kuti foni ikuona kuti yeniyeniyo mulibe, chimene muli nacho ndi chinthu china chovala dzina lake.

Najere: Palembedwa Install. Mayo ine.

Achimwene a mafoni: Basi ndi yabodza. Mnyamata uja tamuchotsa pamlandu.

Nabanda: Yabodza inde, koma mnyamatayo sitinamuchotse, sitinamugwirenso. Mawu aja anawaona, ndipo sitikudziwa kuti fayiloyo anaitenga kuti kapena ngati wina amamupatsa kangachepe akaika apuyo m'mafoni a anthu. Chinanso, kwa ena amene muyese njira imeneyi: Install ndi umboni woti ndi yabodza, koma Open si umboni woti ndi yeniyeni. Pali zabodza zina zimene zimatenga ngakhale dzina lamkati la apu yeniyeni, moti Play Store imatha kuonetsa Open. Ngati apu ya ndalama inalowa m'foni kudzera kwa munthu, pa WhatsApp, pa Telegram kapena pa memore, iyeseni yabodza basi, musavutike n'kuyeza.

aMbewe: Ndiye mwati Play Store nayonso siyodalirika? Nanga titenge kuti?

Nabanda: Ndi yabwino kutalitali kuposa fayilo ya kwa munthu, koma zabodza zimadutsamo nthawi zina zisanagwidwe. Mu 2021 pa App Store panali apu yabodza yotchedwa Trezor, pomwe nthawi imeneyo kampani ya Trezor, yopanga ma waleti a kiripito, inalibe n'komwe apu ya pafoni. Bambo wina analembamo mawu ake, anataya ma bitikoini opitirira 17. Mu 2023 apu yabodza ya waleti ya Ledger Live inapezekanso pa sitolo ya Microsoft. Ndiye ine ndimachita chonchi: sindiyambira pofufuza dzina m'sitolo, ndipo sindidina zotsatsa zimene zimabwera pamwamba ukafufuza pa Google, zolembedwa Sponsored, chifukwa akuba amagula malo amenewo. Ndimalemba ndekha adiresi ya tsamba la kampaniyo, monga trustwallet.com kapena metamask.io, chilembo ndi chilembo, ndiye batani la patsamba limenelo ndi limene limanditengera ku sitolo. Ndikafika ndimaona dzina la wopanga ndi chiwerengero cha amene anaitenga. Waleti yodziwika imakhala ndi mamiliyoni. Ikakhala ndi masauzande ochepa ndi ndemanga zoyamikira zonse zolembedwa sabata imodzi, thawani.

*Uthenga wachotsedwa ndi woyang'anira gulu*

Woyang'anira gulu: Ndachotsa uthenga ndipo nambalayo ndaitulutsa. Yalowa lero lomwe kudzera pa linki ya gulu, ikuti ili ndi katswiri wobweza kiripito yobedwa. Linki ya gulu ndaisinthanso.

Najere: Andilembera kale kumbali anthu awiri. Wina akuti ndi wa ku ofesi ya waleti, waona dandaulo langa. Wanditumizira tsamba loti ndilembepo mawu 12 aja kuti akonze akaunti. Winayo akuti ndilipire 50,000 kwacha yoyambira, ndalama ibwera mkati mwa maola 24. Mtima wanga ukuti mwina ndiyese wa 50,000 yo, chifukwa 400 ija ndi yambiri.

Nagama (Ntcheu boma): Achemwali, chonde musatero. Anthu amenewa amadikira munthu amene wabedwa kumene chifukwa akudziwa kuti wasokonezeka. Mukalipira 50,000 anena kuti ndalama yapezeka koma pakufunika ya msonkho, kenako ya loya, mpaka mutagulitsa mbuzi. Mchemwali wanga anadutsa m'zimenezi.

Nabanda: A Nagama anena zonse. Ndingowonjeza kuti kampani ya waleti singakulembereni kumbali, siikudziwani n'komwe, simunalembetse dzina kapena nambala kwa iwo. Ndipo palibe wogwira ntchito weniweni amene amafuna mawu aja, kaya anene kuti Validate, kaya Synchronize, kaya Rectify. Tsamba lililonse lokhala ndi timabokosi 12 toti mulembemo mawu ndi msampha. Malo amodzi okha amene mawu aja amalembedwa ndi mu apu yeniyeni, pa foni yanu yatsopano, inu nokha mutasankha kubwezeretsa waleti.

Nagama: Koma a Nabanda, nkhani ya mchemwali wanga ija ndi imene imandizunguza mpaka pano. Iye apu anatenga pa Play Store, yeniyeni. Mawu analemba m'kope, sanauze munthu, amalumbira. Koma USDT yake inapita. Anali pa gulu lina limene ankati ukalumikiza waleti yako ku tsamba lawo uzilandira phindu tsiku lililonse, ndalama osachoka m'waleti mwako. Masiku oyamba ankalandiradi tindalama. Tsiku lina zonse zii. Ndiye mawu anawatenga bwanji?

Nabanda: Mwina sanawatenge n'komwe. Umenewo ndi mtundu wina wa kuba, ndipo n'chifukwa chake ndinafunsa a Najere za `transfer` ndi `transferFrom`. USDT ili ndi njira yoti mwini waleti alole adiresi ina kutapa ndalama m'malo mwake. Njirayo ndi yabwinobwino, masamba osinthira ndalama amaigwiritsa ntchito. Polumikiza paja, tsambalo linamubweretsera kabokosi koti atsimikize, mwina ponena kuti ndi kulembetsa kapena kulandira vocha. Chimene ankasainira kwenikweni ndi Approve, ndipo pa kuchuluka kwake panali Unlimited kapena nambala yaitali yosawerengeka. Ndalama sichoka tsiku limenelo, ndiye munthu umaona ngati zonse zili bwino. Tindalama tija ankamupatsa n'cholinga choti awonjezere zambiri. Atakhutira, anagwiritsa ntchito chilolezo chija. Mukayang'ana pa kaundula mupeza mzere wa `approve` masiku am'mbuyo, kenako `transferFrom` yoyambitsidwa ndi adiresi yachilendo, osati yake.

Nagama: Kabokosi kameneko ndikukakumbukira, anandionetsa. Anati ndi ka fizi chabe.

Nabanda: Ndi mmene amanenera. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Ngati vuto ndi chilolezo, chimatheka kuchifafaniza, waleti n'kukhalabe yako. Pa Ethereum ndi pa netiweki ya BNB anthu amagwiritsa ntchito revoke.cash, pa TRON zilolezo zimaoneka pa Tronscan pomwepo. Ngati sachifafaniza, USDT iliyonse imene adzaikemo idzatapidwanso. Koma ngati mawu 12 atuluka, ngati kwa a Najere, palibe chofafaniza. Mawu aja simungawasinthe ngati mmene mumasinthira pasiwedi. Waleti imeneyo yafa.

Achimwene a mafoni: Nanga akachotsa yabodzayo, n'kuika yeniyeni, n'kulowetsa mawu omwewo? Apu ikhala yabwino tsopano.

Nabanda: Apu ikhala yabwino, kiyi akhala yemwe uja ali kale kwa akuba. Adiresi ituluka yomwe ija, makina awo akuyiyang'anabe. Achimwene a ku Joni, adiresi yakaleyo ifufuteni paliponse pamene munaisunga, musadzatumizeko mwangozi.

Achimwene a ku Joni: Ndafufuta. Ndiye palibiretu njira yoti ndalamayi ibwere? Ndiuzeni zoona, ndisamangoyembekeza.

Nabanda: Mwayi ndi wochepa kwambiri, ndisakunamizeni. Kampani ya Tether, eni USDT, ili ndi mphamvu youmitsa ndalama pa adiresi, ndipo imachita zimenezo akapempha apolisi kapena makhoti. Komanso ndalamayo ikakathera ku msika wa kiripito umene umalembetsa anthu ndi ziphaso, apolisi angathe kufunsa kuti akauntiyo ndi ya yani. Koma akuba amasuntha ndalama mofulumira, ndipo pa 420 sindikuona zikuyenda msanga. Ngakhale zili choncho kukanena kupolisi n'koyenera, lamulo la milandu ya pa intaneti la 2016 lilipo. A Najere, musanachotse apu ija jambulani chizindikiro chake ndi tsamba la App info, mukopere nambala yaitali ya mzere wachitatu uja yolembedwa Hash, ndi adiresi imene inalandira. Mupite nazo zimenezo.

Aphunzitsi: Apolisi a kwathu kuno akamva zimenezi? Ine ndikukayika. Bola akhale pansi ndi mnyamatayo pamaso pa akuluakulu a msika, anene kumene anatenga fayiloyo ndi anthu angati anawaikira.

aMbewe: Apo ndiye mwanena aphunzitsi. Koma osapita ndi chigulu, tikudziwa mmene zimathera pamsika munthu akangotchulidwa kuti wakuba.

Najere: Sindikufuna kuti mwana wa eni avulazidwe. Ndipita ndi atcheya a msika mwakachetechete. Chandiopsa n'chakuti amayi awiri amene timagulitsa limodzi anawaikiranso tsiku lomwelo. Mmodzi mwamuna wake ali ku Joni, amalandira mwezi ndi mwezi.

Nabanda: Aimbireni pompano, musadikire mawa. Ngati muli ndalama m'waleti zawo, apange yatsopano pa foni ina yoyera, asamutse lero. Koma adziwe kuti pakufunika TRX kuti USDT ituluke, ndipo nthawi zina makina a akuba amasesa TRX ikangolowa. Zikatero asamangowonjezera, kuli kutaya. Akonzeretu zonse, adiresi yatsopano ikhale yokopera kale, TRX ikangofika atumize nthawi yomweyo. Ndipo amuna awo auzidwe asatumizenso ku adiresi yakale.

Achimwene a mafoni: Pa foni yanu mayi, ine ndingakonde muyifufute yonse ibwerere ngati yatsopano. Mapulogalamu otere ena amapempha kuona mameseji ndi chilolezo cha Accessibility, chimene chimawalola kuwerenga zonse za pa sikirini ngakhale kudina okha. Sungani manambala ndi zithunzi za ana, kenako Factory reset. Mukatero musinthe pini ya ndalama za pafoni ndi pasiwedi ya imelo. Ndipo pa Settings muzimitse Install unknown apps pa WhatsApp, pa bulawuza ndi pa apu yotumizirana mafayilo ija. Ine kuyambira lero kasitomala akafuna waleti ndizimupatsa hotisipoti atenge yekha, ndizitembenukira kumbali mawu akamatuluka.

Nagama: Nanga mawuwo tizisunga kuti? Kope limanyowa, ana amang'amba, nyumba imapsa. Ine ndinadzitumizira pa imelo, ndinaona ngati ndi pabwino.

Nabanda: Pa imelo ayi a Nagama, kapena pa WhatsApp podzitumizira nokha, kapena m'zithunzi. Chilichonse chili pa intaneti, munthu akathyola akaunti imodzi wapeza zonse, ndipo zithunzi zambiri zimakwera zokha ku Google inu osadziwa. Popeza anakhalapo kale pa imelo, kufufuta sikukwanira, pangani waleti yatsopano musamutse. Lembani ndi bolopeni papepala, manambala 1 mpaka 12 pambali chifukwa ndondomeko ikasokonekera satsegula. Mapepala awiri, lililonse m'kapepala ka pulasitiki, malo awiri osiyana. Musalembepo dzina la waleti pamwamba.

Aphunzitsi: Nanga munthu akamwalira mwadzidzidzi? Ana adziwa bwanji kuti kapepala ka mawu a Chingerezi ndi ndalama? Mukabisa kwambiri zitayika, mukauza wachibale mwabwerera ku vuto lomwe lija.

Nabanda: Limenelo ndi funso lovuta ndipo anthu sagwirizana. Ine mayi anga akudziwa pamene pali envelopu yomata, akudziwa kuti isatsegulidwe ndili moyo. Ena angati nazonso n'zoopsa.

Achimwene a ku Joni: Ine maganizo anga ndi akuti waleti isamakhale mosungira. Ndikatumiza, achemwali azisintha tsiku lomwelo kukhala makwacha.

Nabanda: Zimachepetsa ngozi, koma taonani kuti dzulo zinatenga mphindi zochepa chabe. Ndi waleti yabodza ngakhale njira imeneyo sikanakupulumutsani. Ikathandiza ndi pamene waleti ili yoyera. Ndipo amene amakonda kulumikiza waleti ku masamba osiyanasiyana akhale ndi ziwiri, za mawu osiyana: ya mpamba isalumikizidwe kwina kulikonse, inayo muzikhala tochepa. Chinanso achimwene, adiresi yatsopano a Najere akutumizireni okha, kenako muimbirane, awerenge zilembo zoyamba, zapakati ndi zomaliza inu mukuyang'ana. Musamakopere adiresi kuchokera pa mndandanda wa zimene munatumiza kale. Akuba amaponyamo kandalama kochepa kuchokera ku adiresi yofanana ndi imene mumatumizako kumayambiriro ndi kumapeto, kuti mudzakopere yawoyo.

Najere: Ndawaimbira amayi aja. Mmodzi waleti yake ili ndi 0 ngati yanga, iye amayesa kuti amuna ake sanatumize mwezi uno, moti anakangana pa foni. Winayo muli 35. Akuti sakhulupirira, ndalama yake ilimo bwinobwino ndiye apu ilibe vuto.

aMbewe: Muwaonetse nkhani ya 20 yanu ija.

Najere: Ndawauza, akuti aganizira. Atcheya ati tikumane ndi mnyamata uja mawa mmawa msika usanadzaze. A Nabanda, foni ndifufute lero kapena ndidikire apolisi aione kaye?

Nabanda: Dikirani aione kaye, koma chotsani simu muike m'kafoni kamabatani, intaneti muzimitse, ndipo pini ya ndalama za pafoni musinthire m'kafoni kameneko usiku uno. Mawa mukamufunse mnyamatayo akuonetseni fayilo yeniyeniyo ndi uthenga umene inabwera nawo, asafufute inu musanajambule.